"Batire latha moto" si ngozi: mmene timasankhira madandaulo a makasitomala ndi tebulo la malamulo

Lolemba m'mawa ukatsegula kompyuta n'kupeza mameseji aunjikana kuyambira Loweruka masana, mutu sumayamba kuganiza zoti anthuwa tiwayankha chani ayi, umayamba ndi zoti tiyambe ndi uti. Ine ndinagwirako ntchito pa kakampani kena kogulitsa masola pangongole, aja munthu amalipira pang'onopang'ono pa foni kenako amalandira tokeni yoti alowetse pa kabokosi kuti magetsi apitirize kuyaka, ndipo madandaulo amabwera pa WhatsApp, pa SMS, ena olembedwa ndi atsikana a pa foni akamaliza kulankhula ndi kasitomala. Poyamba timangotsata mzere, wofika koyamba kuthandizidwa koyamba, ngati pa chigayo. Zimaoneka zachilungamo mpaka tsiku lomwe unapeza kuti mayi wina analemba zoti kabokosi kakutulutsa utsi m'chipinda mogona ana, ndipo meseji yake yakhala kumbuyo kwa anthu ofunsa mtengo wa wailesi.

Achipatala anathana nayo kalekale nkhani imeneyi. Kuwodi ya ana, ndondomeko ya WHO yotchedwa ETAT, yomwe ntchito yake yambiri inachitikira pa Queen Elizabeth ku Blantyre konkuno, imagawa ana pofika pa khomo m'magulu atatu, wofunika thandizo pompopompo, wofunika kuonedwa msanga, ndi woti atha kudikira pa mzere. Nesi wa pa khomoyo sachiza, iye amangosankha, ndipo amasankha mwachangu potsata zizindikiro zolembedwa osati potsata yemwe akukuwa kwambiri. Tebulo la malamulo pa madandaulo likugwira ntchito ya nesi ameneyo basi. Siliyankha kasitomala, silikonza batire, limangonena kuti iyi ndi yachangu chotere ndipo ipite kwa uje.

Cholakwika chomwe ambiri timayamba nacho ndi kusakaniza mafunso awiri m'tebulo limodzi. Funso loti nkhaniyi ndi ya chani ndi lina, funso loti ndi yachangu bwanji ndi linanso. Nkhani ya batire itha kukhala yoti munthu akungofunsa kuti limakhala zaka zingati, itha kukhalanso yoti latupa ndipo likununkha, mutu ndi umodzi koma changu n'chosiyana kutalitali. Ukaika zonse pamodzi umayamba kulemba mizere ya batire lachangu, batire losafulumira, malipiro achangu, malipiro osafulumira, tebulo limatupa mpaka palibenso amene akulimvetsa kupatula amene analilemba, ndipo iyeyo akapita ku maliro kumudzi sabata yathunthu palibe amene angayerekeze kukhudzapo. Ndiye timakhala ndi matebulo awiri. Lathu la changu, nditalichepetsa, limaoneka chonchi:

```
id,mawu,chotsani,changu
C01,utsi|apsa|phulik|shoko,psa mtima|palibe utsi,1
C02,moto,tha moto|libe moto|galimoto|njinga ya moto,1
C03,lipil&token,,2
C04,ajenti&ndalama,,2
C05,mtengo|ndi zingati,,4
C99,*,,3
```

Kamzere koimirira kakutanthauza kuti liwu lililonse mwa amenewa likapezeka lamulo lagwira, pomwe `&` akutanthauza kuti onse awiri apezeke. Changu 1 timati munthu aimbiridwe foni pasanathe ola limodzi, 2 ndi maola 4, 3 ndi maola 24, ndipo 4 ndi masiku atatu. Manambala amenewa si a m'buku lililonse, kampani iliyonse imaika malinga ndi anthu omwe ili nawo, kulonjeza ola limodzi uli ndi tekinishani mmodzi wa njinga yakapalasa n'kungodzinamiza. Tebuloli limakhala mu Google Sheets kapena Excel dala, kuti mkulu wa atsikana a pa foni athe kuwonjezera liwu yekha osadikira wa mapulogalamu, ndipo phindu lenileni la tebulo poyerekeza ndi kulemba `if` ndi `else` zana m'pulogalamu ndi lomwelo, kuti munthu wodziwa makasitomala athe kuliwerenga n'kunena kuti apa mwalakwitsa.

Tsono taonani ndime ija ya `chotsani`, chifukwa mkangano wonse uli pamenepo. Tsiku loyamba tinaika liwu loti moto pa changu 1, ndani angatsutse, moto ndi moto. Pofika masana mzere wa ngozi unali utadzaza ndi anthu onena kuti batire latha moto, batire yatha moto, kabokosi kalibe moto, wina amafunsa ngati angatchaje batire la galimoto pa sola yathu ndipo pulogalamu inaona moto mkati mwa galimoto n'kuliza belu. M'Chichewa chathu moto ndi malawi komanso ndi mphamvu ya m'batire, ndipo pa kampani ya sola tanthauzo lachiwirilo ndi lomwe limabwera tsiku ndi tsiku. Chimodzimodzi ndi kupsa, tinaika `apsa` kuti tigwire wapsa, yapsa, lapsa, zapsa nthawi imodzi, kenako kunabwera bambo olemba kuti ndapsa mtima ndi kampani yanuyi. Apsadi mtima bambowo koma nyumba yawo ili bwinobwino. Liwu loti kuyaka tinangolisiya osaliika n'komwe, chifukwa "yayaka" atha kukhala munthu wothokoza kuti babu layamba kuwala kapena wolira kuti denga lapita.

Vuto la ngozi zabodza si loti zimangotayitsa nthawi. Tekinishani akaimba foni kakhumi n'kupeza kuti konse ndi batire lotha tchaji, ya khumi ndi chimodzi saithamangiranso, ndipo mzere wa changu 1 umasanduka mzere wamba wongokhala ndi dzina loopsa.

Koma pali njira ziwiri zogwiritsira ntchito ndime ya `chotsani` ndipo imodzi ndi msampha. Njira yophweka ndi yoti meseji ikakhala ndi "tha moto" lamulo C02 lilumphidwe. Ndiye taganizirani munthu walemba kuti batire limatha moto msanga ndiye ndinalumikiza waya wina ndipo wagwira moto. Pulogalamu yaona "tha moto", yalumpha lamulo lonse, moto weniweniwo wadutsa osaoneka. Njira yabwino ndi kufufuta kaye mawu opatulidwawo m'kope la meseji, kenako n'kufufuza m'zotsalazo. "tha moto" ikachoka, "wagwira moto" ikadalipo, lamulo ligwira. Kusiyana kwake ndi mizere iwiri ya pulogalamu koma ndinaonapo anthu akuzisemphanitsa.

Tisanafike n'komwe pa tebulo meseji imayenera kuchapidwa. Zilembo zonse zikhale zazing'ono, ŵ asanduke w, zizindikiro zichoke, ndipo r aliyense asanduke l chifukwa wina alemba ndalipira wina ndalipila, wina batire wina batile, ndipo palibe amene walakwa pa foni. N'chifukwa chake m'tebulo mwalembedwa `lipil` osati liwu lathunthu, tsinde lokhalo limagwira ndalipira, tinalipira, nditalipira, kulipira. Malamulo okopera ku Chingerezi oti fufuzani liwu lathunthu sagwira bwino kuno poti ife timamata zonse pa mneni mmodzi, munthu, nthawi, ngakhale kukana komwe. Ndipo kukanako ndiye kovuta, `lipil` igwiranso "sindinalipire" yomwe ndi nkhani ina kotheratu. Pamenepa tebulo la mawu lili ndi malire ake ndipo ine sindinapezepo njira yoyera, timangowonjezera `sindinalipil` ndi `sitinalipil` mu `chotsani` n'kuvomereza kuti zina zidutsa. Kumbukiraninso kuti mawu a m'tebulo achapidwe ndi sopo yemweyo, chifukwa `battery` ya m'meseji ikasanduka `battely` koma m'tebulo ikadali ndi r, sizikumananso.

Funso lina lomwe limaoneka laling'ono ndi loti malamulo awiri akagwira meseji imodzi apambana ndani. Anthu olemba za matebulo amenewa, mu ndondomeko yotchedwa DMN, anazipatsa maina njirazi: `First` ndi yoti loyamba kugwira kuchokera pamwamba ndi lomwe latenga, `Priority` ndi yoti malamulo onse ayesedwe ndipo zotsatira zolemera kwambiri zipambane, `Collect` ndi yoti zonse zomwe zagwira zitoleredwe. Pa changu ine ndimaumirira pa yachiwiriyo. Ndi `First` chitetezo cha anthu chimadalira kuti mizere yasanjidwa bwanji, wina akangobwera n'kusanja tebulo motsata alifabeti kapena kuponya lamulo latsopano pamwamba, ngozi yapita pansi popanda uthenga uliwonse wochenjeza. Ndi `Priority` sanjani mmene mungafunire, 1 apambanabe 2. Chokhacho, lamulo la C99 lija la nyenyezi lisalowe nawo mpikisano, ligwire pokhapokha ena onse akalephera, apo ayi 3 wake azipambana 4 wa ofunsa mitengo ndipo gulu la 4 likhala lopanda kanthu mpaka kalekale.

Ndipo taonani kuti C99 ikupereka 3 osati 4. Meseji yomwe tebulo silinaimvetse si meseji yosafunika, ndi meseji yomwe sitikudziwa, mwina yalembedwa m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, mwina ndi chithunzi chokha cha waya wakuda bii popanda liwu. Imeneyo ipite kwa munthu aione ndi maso tsiku lomwelo.

Tebulo la mitu ndiye timatolera zonse:

```
id,mawu,mutu,kwa
M01,utsi|apsa|phulik|shoko|moto,ngozi,tek
M02,lipil|token|ndalama,malipiro,kauntala
M03,batil|batt|panel|babu,chipangizo,tek
M04,mtengo|ndi zingati,malonda,malonda
M99,*,zina,munthu
```

Ndime ya `chotsani` iliponso apa, ndangoisiya kuti mizere isatalike. Dandaulo lililonse limasanduka tikiti, ndipo mwini tikiti amakhala mmodzi, wa mutu womwe uli pamwamba, enawo amangolandira kope. Tikiti ya eni awiri ilibe mwini, aliyense amaganiza kuti mnzake waimba kale.

Tiyeni titenge meseji imodzi tiyende nayo. Tinene kuti yafika 8:40 m'mawa ndipo ikuti: "Bwana ndalipira K15,000 dzulo koma token sinabwere mpaka pano, komanso battery ikutentha kwambiri ikununkha ngati waya wapsa. aka nkachitatu kukuuzani". Ikachapidwa ikhala ndi `ndalipila`, `sinabwele`, `battely`, `wapsa`. Pa tebulo la changu, C01 yagwira chifukwa cha `apsa` ndipo palibe "psa mtima" woti afufutidwe, C02 sinagwire poti liwu la moto mulibe, C03 yagwira chifukwa `lipil` ndi `token` onse alimo. Tili ndi 1 ndi 2, wapambana 1. Onani kuti kasitomalayu wayamba ndi ndalama, ndi zomwe zikumuwawa, nkhani ya waya waiponya kumapeto ngati yongowonjezera, ndipo munthu wotopa wowerenga mzere woyamba wokha akanaitumiza ku kauntala kuti idikire maola 4. Pa tebulo la mitu zagwira zitatu, M01, M02 ndi M03, mwini ndi tekinishani, akauntala alandira kope kuti afufuze tokeniyo. Nthawi yomaliza kuimba ndi 9:40, ndipo choyamba kunena pa foniyo ndi choti azimitse, achotse waya wa panelo, asachigwiritsenso ntchito mpaka munthu afike.

Nanga "nkachitatu" uja? Sitimukhulupirira kuchokera m'mawu, osati chifukwa kasitomala ndi wabodza koma chifukwa anthu amaphunzira msanga liwu lomwe limatsegula chitseko, ukangoika "mwachangu" kapena "kachitatu" m'tebulo pakatha mwezi aliyense akulemba zomwezo. Timawerenga m'sisitimu matikiti a akaunti imeneyo m'masiku 7 apitawa, akafika atatu changu chimakwera sitepe imodzi, 4 kukhala 3, 3 kukhala 2, koma osalowa mu 1. Gulu la 1 ndi la utsi ndi shoko basi, kukwiya sikulowetsa munthu mmenemo ngakhale atakwiya motani.

Zotsatira zake zimatuluka mzere umodzi wa JSON, kalembedwe komwe mapulogalamu amawerenga mosavuta:

```json
{"id":"T0412","ch":1,"mu":["ngozi","malipiro","chipangizo"],"kwa":"tek","pofika":"2024-03-12T09:40:00+02:00","la":["C01","C03","M01","M02","M03"],"v":7}
```

Kuwerenga kwake: tikiti T0412, changu 1, mitu itatu, ipite kwa tekinishani, pofika 9:40 nthawi yakuno, malamulo omwe agwira ndi awa, ndipo tebulo lomwe linagwiritsidwa ntchito ndi la nambala 7. Ku Python mzere wotere umatuluka chonchi:

```python
json.dumps(tikiti, separators=(",", ":"), ensure_ascii=False)
```

`separators` ndi amene amachotsa mipata yomwe Python amaika yekha pambuyo pa `,` ndi `:`, ndipo `ensure_ascii=False` amasiya ŵ akhale ŵ m'malo mosanduka `\u0175`. Ubwino wa mzere umodzi pa tikiti imodzi si kusunga bandulo kwenikweni, ngakhale kumathandizako tekinishani akakhala kumudzi kwa netiweki ya kamzere kamodzi. Ubwino waukulu ndi woti fayilo imangowonjezereka pansi, mzere uliwonse umaima pawokha, umodzi ukaduka magetsi atathima pakati polemba enawo amawerengekabe, ndipo utha kufufuza ndi `grep` kapena `jq` osatsegula zonse. Kufupikitsa maina a ndime, monga `ch` m'malo mwa `changu`, ine pano ndimakayika nako. Timasunga zilembo zinayi koma wobwera mawa akufunsa kuti `la` ndi chani, ndipo fayilo ikapanikizidwa ndi `gzip` maina obwerezabwerezawo salemeranso kwenikweni. Ndikanayambiranso ndikanachotsa mipata yokha, maina n'kuwasiya athunthu.

JSON ali ndi timalamulo take tomwe timaluma osayembekezera. Nambala siloledwa kuyamba ndi ziro, ndiye nambala ya foni kapena ya akaunti ikhale m'mitengero ngati mawu, apo ayi fayilo ikanidwa kapena wina achotsa ziroyo mwakachetechete. Nambala ya risiti yaitali nayo ikhale mawu, chifukwa JavaScript sasunga molondola manambala athunthu opitirira `2^53` ndipo manambala akumapeto amasintha popanda kudandaula. Nthawi ikhale ndi `+02:00` wake, seva yambiri imayendera UTC yomwe ili maola awiri m'mbuyo mwathu, ndipo pa tikiti ya ola limodzi maola awiri ndiye kuti yachedwa isanabadwe kapena ikuoneka ngati nthawi ikadalipo pomwe yatha. Ndipo `mu` akhale mndandanda nthawi zonse ngakhale mutu uli umodzi, osati lero `"ngozi"` mawa `["ngozi"]`, pulogalamu yolandirayo idzagwa usiku wa Loweruka. Chomaliza, musamange JSON pomata mawu ndi manja, kasitomala akangoika chizindikiro cha `"` m'meseji yake mzere wonse wasweka, lolani `json.dumps` achite ntchito yake. Ife meseji yeniyeniyo ndi nambala ya munthu sitimaziika n'komwe mu mzerewu, `id` ndi yokwanira kukazipeza, poti mizere imeneyi imayenda m'manja ambiri.

Pa zonsezi ndime zomwe sindingalole kuti zichotsedwe pofuna kufupikitsa ndi `la` ndi `v`. Bwana akabwera atakwiya kuti n'chifukwa chani munthu wa mtengo wogwera pa sola mwamutumiza kwa amalonda, umatsegula mzere wake n'kuona `M04` ndi `C05`, pomwepo wadziwa kuti liwu loti mtengo lagwira mtengo wa mango m'malo mwa mtengo wa ndalama, ndipo ukudziwa mzere woti ukonze. Popanda `la` mumangokangana ndi kuloza kompyuta. `v` nayo imakuuza ngati cholakwikacho chinachitika tebulo lisanakonzedwe kapena litakonzedwa kale.

Kudziwa kuti tebulo layamba kudwala sikufuna ukatswiri. Tengani mameseji akale 200, anthu awiri odziwa ntchito awaike m'magulu ndi manja aliyense payekha osaonerana, pomwe asiyana akambirane chifukwa pamenepo ndi pomwe lamulo lenilenilo silinamveke ngakhale kwa anthu. Kenako muyendetse tebulo pa mameseji omwewo. Musasangalale ndi nambala imodzi yoti lakhoza zingati mwa 200, chifukwa ngozi zimakhala zochepa, tebulo litha kuphonya zonse n'kuonekabe ngati lakhoza bwino. Werengani padera ngozi zenizeni zomwe zaikidwa pa 2, 3 kapena 4, zimenezo ziyenera kukhala ziro, ndipo werenganinso padera zabodza zomwe zalowa mu 1, zimenezo zochepa timazipirira. Mameseji 200 amenewo asungidwe, aliyense wosintha tebulo ayambe wawayendetsanso asanakweze `v`, chifukwa kukonza galimoto kutha kuthyola njinga yamoto yolembedwa mophatikiza yomwe palibe anaiganizira.

Sabata ndi sabata timayang'ananso zinthu ziwiri ndi lamulo limodzi la pa kompyuta:

```
jq -r '.la[]' matikiti.jsonl | sort | uniq -c | sort -rn
```

Limeneli limawerenga kuti lamulo lililonse lagwira kangati. `C99` ndi `M99` zikayamba kukwera ndiye kuti kwabwera vuto latsopano lomwe tebulo sililidziwa, mwina katundu watsopano ali ndi chilema, mwina anthu ayamba kutchula kabokosi dzina lina, ndipo umakhala pansi kuwerenga mameseji a mu `zina` mmodzimmodzi kufuna liwu lomwe likubwerezedwa. Lamulo lomwe silinaoneke mwezi wathunthu nalonso timalikayikira, kawirikawiri si kuti vutolo linatha, ndi kuti wina analemba liwu lake ndi r m'tebulo.